Moto wa nkhuni zanu umafika wochuluka bwanji pa mphika?

Nkhuni zouma bwino zolemera kilogalamu imodzi zili ndi kutentha kokwanira kuwiritsa madzi pafupifupi malita 50. Komatu amene amaphika pa mafuwa amadziwa kuti nkhuni zomwezo zimatha atangowiritsa malita asanu, kapena kupitirira pang'ono. Kapepala kano kakufotokoza kumene kumapita kutentha kotsalako, ndi mmene Chitetezo Mbaula, mbaula yadongo yootchedwa mu uvuni, imabwezera kwina pa mphika.

Akatswiri poyesa mbaula amayeza nkhuni pa sikelo, amatereka madzi odziwika muyezo wake, kenaka amaona nkhuni zimene zapsa kufikira madziwo atawira. Tiyeni titenge malita asanu a madzi ozizira a mu mtsuko. Kuti awire, amafuna kutentha kofanana ndi kumene kuli mu nkhuni zouma za magalamu 100 okha, kachikuni kamodzi kakang'ono. Ngati pa mafuwa mwapsereza kilogalamu yathunthu, ndiye kuti gawo limodzi lokha mwa magawo khumi ndi limene lalowa m'madzimo. N'chifukwa chake amati pa mafuwa kutentha kofika pa mphika kumakhala magawo 10 mpaka 15 pa 100 alionse. Pa mtolo wa nkhuni khumi umene mayi wasenza kuchokera kuphiri, nkhuni imodzi kapena imodzi ndi theka ndiyo imaphika nsima. Zimenezi n'zowawa mtima.

Ambiri amaganiza kuti vuto ndi utsi, koma utsi umachotsa gawo lochepa chabe. Kutentha kwambiri kumatayika chifukwa moto suukhudza mphika. Pa mafuwa, malawi amatulukira m'mipata itatu ya pakati pa mafuwawo, mphepo imawapotozera kumbali, ndipo kutentha kwina kumalowa m'nthaka ndi m'miyala. Ngati mukumva moto ukukuotchani m'miyendo povundula nsima, dziwani kuti kutentha kumeneko mphika wasemphana nako.

Chitetezo Mbaula imatsekera moto m'kati mwa khoma ladongo, n'kusiya khomo limodzi lolowetsera nkhuni ndi mpweya. Mpweya wotentha ulibe kwina kopita koma kukwera, kugunda pansi pa mphika, n'kutulukira mu mpata wochepa wa pakati pa mphika ndi mlomo wa mbaula. Mpata umenewu ndiye chinsinsi chake, ndipo umasungidwa ndi timafuwa tadongo ta pamwamba pa mbaulayo, pafupifupi kunenepa kwa chala. Timafuwato tikathyoka mphika n'kukhala pa mlomo penipeni, moto umabanika ndipo utsi umabwerera kukhomo. Mukaikapo miyala kuti mphika ukwere kwambiri, mpweya wotentha umangodutsa patali osaukhudza. Mbaula ikakhala bwino, kutentha kofika pa mphika kumaposa magawo 20 pa 100, ndipo pakhomo nkhuni zimachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Si zozizwitsa ayi: kutentha koposa theka kumatayikabe.

Dongo lozizira limayamba lamwa kutentha lisanathandize. Choncho pophika tiyi wa kapu ziwiri m'mawa simudzaona kusiyana kwenikweni, koma pa nyemba zimene zimakhala pamoto nthawi yaitali phindu limaoneka. Mukaphula ndiwo, terekani madzi a nsima nthawi yomweyo mbaula ikadali yotentha.

Zotsalazo zili m'manja mwa wophika. Nkhuni zaziwisi zimatha kukhala madzi pafupifupi theka la kulemera kwake, ndipo moto umayamba waumitsa madziwo usanaphike kanthu. Mudzazidziwa pomva kulira kwa thovu kumapeto kwa chikuni. Ziwazeni zikhale zazing'onozing'ono, ziume pamthunzi pomwe mvula sifika. Sonkhezerani nkhuni ziwiri kapena zitatu basi, chifukwa mukadzaza khomo mpweya sulowa, ndipo malawi ofika m'mbali mpaka kupitirira mlomo wa mphika ndi nkhuni zongotayika. Chotsani phulusa musanakoleze. Vundikirani mphika, popeza nthunzi yotuluka imanyamula kutentha kochuluka. Madzi akangowira sawonjezeranso kutentha ngakhale musonkhe moto waukulu chotani, choncho chotsaniko chikuni chimodzi, nyemba zizingobwata pang'onopang'ono.

Mukhoza kuyesa nokha popanda sikelo. Wazani nkhuni za mtengo umodzi zofanana kukula, muzigawe milu iwiri ya nkhuni 20. Tsiku loyamba phikani nyemba ndi nsima pa mafuwa, tsiku lachiwiri chakudya chomwecho, muyezo womwewo, mphika womwewo pa mbaula, ndipo werengani zotsala pa mulu uliwonse. Ngati kusiyana kuli kochepa kwambiri, yang'anani kaye mpata wa pansi pa mphika, kenaka muone ngati khoma la mbaula lili ndi mng'alu wotulutsa moto.