Kalata Yolipirira Ikachoka M'manja mwa Woyamba Kuilandira: Mafunso ndi Mayankho

Kodi makalata olipirira ndi ati, ndipo amasiyana bwanji?

Lamulo la Malawi pa nkhaniyi, lomwe lili pa Mutu 48:02 wa malamulo a dziko ndipo linatengera lamulo la ku Britain la mu 1882, limazindikira mitundu itatu. Kalata yolamula kulipira ndi imene munthu amasainira polamula wina, mopanda kuika chifukwa chilichonse choti chiyambe chachitika, kuti apereke ndalama zotchulidwa kwa munthu wachitatu pa tsiku lodziwika kapena nthawi imene wazifuna. Cheke ndi kalata ya mtundu womwewo, kungoti wolamulidwa ndi banki, ndipo imalipiridwa ikangoperekedwa. Kalata yolonjeza kulipira ili ndi mbali ziwiri zokha, chifukwa wosainayo ndi yemwenso akudzimanga kuti adzalipira.

Nanga wolandira wotetezedwa ndi ndani?

Ndi munthu amene kalata yafika kwa iye kuchokera kwa wina amene anali nayo, ili yodzazidwa bwino ndi yosakayikitsa poiona, tsiku lolipira lisanapitirire, iye asakudziwa kuti inakanidwapo. Ayenera kukhala ataperekapo kanthu, kaya ndalama, katundu kapena ntchito, ndiponso atailandira ndi mtima woona, osadziwa kuti womupatsayo anaipeza mwachinyengo. Munthu woyamba kulembedwa pa kalatayo salowa m'gulu limeneli, monga momwe khoti lalikulu la ku Britain linagamulira mu 1926, popeza iye ndi amene anachita malonda ndi wolembayo.

Chitetezocho chimagwira ntchito motani pa malonda a ku Thyolo?

Mafakitale a tiyi amaumitsa masamba ndi moto wa nkhuni za bulugamu, ndipo chitsanzo chongoyerekeza chingachokere pamenepo. Fakitale ina yagula nkhuni kwa kontirakitala, ndipo yamupatsa kalata yolonjeza kulipira K2,000,000 pakatha masiku 90. Kontirakitalayo, pofuna ndalama zolipira anthu ake odula mitengo, wasaina kumbuyo kwa kalatayo n'kuipereka kwa wamalonda wa ku Luchenza pa K1,850,000, patangopita masiku 20. Pambuyo pake kwapezeka kuti kontirakitala ananamiza kalaliki wa pa sikelo, moti theka la nkhunizo silinafike n'komwe.

Kontirakitala akanabwera yekha ndi kalatayo, fakitale ikanakana kulipira ndipo khoti likanaimvera. Koma wamalonda wa ku Luchenza sanadziwe za chinyengocho, choncho ali ndi ufulu wolandira K2,000,000 yonse, osati K1,850,000 imene anatulutsa, ndipo fakitale iyenera kulipira kenako n'kukalimbana ndi kontirakitala payokha. Izi zimaoneka zowawa, koma n'zoyenera: fakitale ndiyo inasankha wochita naye malonda ndipo inali ndi mwayi woyeza nkhuni isanasaine, pamene wamalondayo anali ndi pepala lokha loti aliyang'ane. Zikanasintha akanaigula tsiku la 95, kapena pa K600,000, mtengo woti khoti likhoza kuona kuti anakayikira koma n'kusankha kusafunsa. Chinyengo chikatsimikizika, udindo woonetsa kuti kalata inagulidwa moona umagwera mwini kalatayo.

Kodi pali pamene chitetezochi chimathera?

Siginecha yabodza siipatsa munthu ufulu uliwonse. Wina akaba kalata yolembedwa dzina la kontirakitala n'kusaina kumbuyo monamizira, woigula sangakakamize fakitale kulipira ngakhale atakhala woona mtima chotani. Angatsate yekhayo amene anamugulitsa. Chiwerengero cha ndalama chikasinthidwa mosaoneka, mwachitsanzo K200,000 n'kukhala K2,000,000, wolandira wotetezedwa angafune kwa wolembayo K200,000 yoyamba ija basi. N'chifukwa chake wolandira ayenera kuyerekeza manambala ndi mawu, n'kuyang'anitsitsa pofufutidwa, inki yosiyana, ndi dzina la kumbuyo ngati likufanana ndi la kutsogolo.

Wolemba cheke angadziteteze bwanji?

Mizere iwiri yodutsa pa cheke imachititsa kuti ndalama zilipiridwe kudzera ku banki, osati pamanja. Mawu akuti `Not Negotiable` akawonjezedwa, cheke ikhoza kupitabe kwa wina, koma woilandira sapeza ufulu woposa wa amene wamupatsa, kotero kuti wamalonda wa ku Luchenza uja akanangoima pamene panaima kontirakitala. Mawu akuti `Account Payee Only` amachenjeza banki kuti iike ndalamazo mu akaunti ya wolembedwayo yekha.

Kalata ikakanidwa, mwini wake achite chiyani?

Aipereke kwa wolipira pa tsiku lake, ndipo ikakanidwa adziwitse mwamsanga onse amene anasaina kumbuyo, makamaka polemba kalata, chifukwa wosadziwitsidwa amamasuka ku ngongoleyo.