Makalata a omvera: nkhani ya mayi wa tomato uja

Mayi athu a ku Lunzu, kalata yanu yafika pamodzi ndi nkhani yaifupi imene mwalemba. Mukufunsa ngati yapsa.

Omvera, nkhaniyi ndi ya mayi wogulitsa tomato mumsika, amene akaweruka amakaphunzira kalembedwe ka mabuku a ndalama usiku. Alamu ake amuseka, apongozi akayika ngati kumene amapitako ndi kusukuludi. Mawu a apongoziwo mwawagwira bwino, ndinachita kuwamva ali pakhonde.

Koma mayi, mwathamangira satifiketi. Sitinamuone mayiyu akugwiritsa ntchito zimene waphunzira. Mukhazikeni pansi ndi kope lake. Dengu wapikula K20,000, galimoto K3,000, chiphaso cha msika K500, zonse K23,500. Wagulitsa tomato wa K28,000, ndiye kuti phindu ndi K4,500. Nanga bwanji m'chikwama muli K22,000 yokha, yosakwana n'komwe mpamba? N'chifukwa choti tomato wa K6,000 watengedwa pangongole. Apa m'pamene azindikire kuti phindu ndi ndalama zimene uli nazo m'manja ndi zinthu ziwiri, ndipo ngongole imafuna tsamba lakelake, lokhala ndi dzina ndi tsiku.

Tsono taganizani, atatsegula tsamba limenelo n'kupeza kuti dzina lobwerezabwereza ndi la alamu ake omuseka aja! Pamenepo sipafunikanso ndime yomaliza ija imene abale onse agwada kupepesa. Ichotseni, sindinaikhulupirire.

Mukakonza mutitumizirenso, tidzaiwerenga pano.