Mawu Anayi Olumikiza Mfundo mu Chimangirizo

Ambiri a ife tikamalemba chimangirizo m'Chingerezi timayamba taganiza m'Chichewa. Vuto limabwera pa mawu akuti "koma", chifukwa kwathu amagwira ntchito ziwiri zimene Chingerezi chimazilekanitsa. Tiyerekeze kuti tapatsidwa funso lakuti: kodi chinangwa chingathandize mabanja m'chaka cha chilala?

Mfundo yathu yoyamba ndi yakuti chimanga chimafota msanga mvula ikadula, pomwe chinangwa chimapirira. Apa pakufunika "whereas". Taika mbewu ziwiri pambalipambali n'kuonetsa pamene zasiyana, ndipo palibe mfundo imene yafooketsa inzake. Tikhoza kuyamba ndi chinangwa n'kumalizira chimanga, tanthauzo osasintha. Mawuwa amamanga mbali zonse ziwiri m'chiganizo chimodzi, choncho tikaika mpumiro titangotchula chimanga chokha, chiganizocho chatsala m'malere.

"However" ndi wina. Tanena kuti chinangwa chimapirira chilala, ndipo wowerenga wayamba kuganiza kuti nkhani yatha, aliyense angodzala chinangwa. Kenako tikumuuza kuti chinangwa chowawa chili ndi poizoni, chimafunika kuchisenda ndi kuchiviika m'madzi masiku angapo asanachisinje. Mfundo yachiwiriyi yabweza wowerenga pa zimene amayembekezera, ngati mmene amachitira mawu athu akuti "komabe". Tisanalembe "however" tidzifunse kuti wowerenga amayembekezera chiyani chimene tikuchitsutsa. Yankho likasowa, ndiye kuti timangofananitsa zinthu, ndipo malowo ndi a "whereas". Pa zizindikiro za m'kalembedwe, mpatuliro wokha sukwanira kumanga ziganizo ziwiri ndi "however". Chiganizo choyamba chithe ndi mpumiro, "however" ayambe chachiwiri, mpatuliro utsatire.

"Moreover" savuta. Amawonjezera chifukwa china cholozera komwe kwaloza choyamba: chinangwa chimapirira chilala, kuwonjezera apo chimatha kukhala m'nthaka miyezi ingapo chitakhwima, banja n'kumakumba pang'onopang'ono. Za poizoni zija sizingalowe ndi mawu amenewa, chifukwa zikukokera kwina.

Amene timamuvutitsa kwambiri ndi "therefore". Timakonda kumuika kumayambiriro kwa ndime yomaliza kuti imveke yaukatswiri, chonsecho iye amanena kuti mfundo ikubwerayi yabadwa kuchokera pa imene yapita. Wina akhoza kulemba kuti anthu a ku Nkhata Bay amadya kondowole, motero chinangwa chimapirira chilala. Zonse ziwiri n'zoona, koma yachiwiri sikuchokera pa yoyamba. Tiyese potembenuza chiganizo n'kuikapo "chifukwa": chinangwa chimapirira chilala chifukwa anthu amadya kondowole. Zaoneka kuti sizikugwirizana. Tsopano tiyese ichi: banja lodzala mbewu zonse ziwiri silitaya chakudya chonse mvula ikadula, chifukwa chinangwa chimapirira pamene chimanga chafota. Ichi chaima, ndipo tikachibwezera mmene chinalili, "therefore" akhala pamalo pake.