Moni kwa Makolo pa Foni: Mujambule Mawu Kapena Mulembe?

Musanasankhe pakati pa voisi ndi meseji, yambani mwadzifunsa kuti uthengawo ukafikira m'manja mwa ndani. Makolo ambiri kumudzi ali ndi kafoni ka mabatani kongolandira mameseji wamba. Voisi ya pa WhatsApp imafuna foni yamakono, bando ndi netiweki, motero nthawi zambiri imafikira pa foni ya mdzukulu kapena ya mpongozi, ndipo amayi amaimvera pakhonde, anthu ena ali pomwepo. Meseji nayo ilibe chinsinsi ngati amayiwo amadalira mwana wa sukulu kuwawerengera.

Ngati ndi moni chabe, ine ndimati jambulani mawu. Kholo likamafunsa kuti "mwadzuka bwanji kumeneko?" silikhutira ndi yankho lakuti "bwino". Limatchera khutu kuti limve ngati mwana ali ndi chimfine, ngati watopa, ngati akubisa kanthu. Zilembo sizionetsa zimenezo. Komanso maso a munthu wopitirira zaka 40 amayamba kuvutika kuona zinthu zapafupi, ndiye tizilembo ta pa foni timatopetsa agogo opanda magalasi. Palinso nkhani ya akuba amene amatumiza meseji yakuti "ndasintha nambala, tumizani ndalama kuno". Mawu anu amayi amawadziwa, pomwe meseji angalembe wina aliyense.

Tiyerekeze kuti muli ku Joni, amayi ali ku Ntcheu, ndipo foni ya WhatsApp ndi ya mdzukulu wawo amene amabwera madzulo. Pezani malo opanda phokoso, osati mu minibasi kapena pafupi ndi wailesi. Dinikizani kachizindikiro ka maikolofoni n'kukakankhira m'mwamba kuti kakhazikike, chala chisatope. Dikirani pang'ono musanayankhule, chifukwa mawu oyamba amakonda kuduka. Kenaka dzitchuleni, popeza foniyo si ya amayi: "Amayi, ndine mwana wanu wa ku Joni. Mwaswera bwanji? Nanga mwendo uja ukupeza bwanji? Kuno tonse tili bwino, ana akupita kusukulu." Yankhulani modekha ngati mwakhala nawo pamphasa, osakuwa. Kukuwa kumachititsa kuti mawu azing'ambika pa kasipika ka foni, ndipo wovutika kumva amavutika kwambiri. Mphindi imodzi ndi yokwana. Funsani funso limodzi kapena awiri, chifukwa mukaunjika mafunso asanu, amayi adzayankha lomaliza lokha.

Mukatumiza, yang'anani tizizindikiro. Kachongi kamodzi kotuwa kakutanthauza kuti uthenga sunafike pa foniyo, mwina bando yatha kapena foni ili kotchajitsa. Tiwiri totuwa ndiye kuti wafika. Kamaikolofoni kakasanduka kabuluu, voisi yamvedwa, koma kumbukirani kuti woyamba kuimvera angakhale mdzukulu uja, osati amayi. Chotsimikizira chenicheni ndi yankho la mawu awo. Muuzeni mdzukuluyo kuti aziwagwirira batani iwo akuyankhula, chifukwa okalamba ambiri amachotsa chala msanga, n'kutumiza mawu oduka.

Meseji ili ndi malo ake. Ngati bambo makutu anayamba kugontha koma amawerenga Baibulo ndi nyuzi bwinobwino, alembereni. Pa WhatsApp ya pa foni yawo mungawakulitsire zilembo polowa pa Settings, kenaka Chats, kenaka Font size. Lembaninso chilichonse chokhala ndi manambala: tsiku lofika, nthawi ya basi, kuchuluka kwa ndalama zimene mwatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba. Nambala yotchulidwa m'voisi imasokonekera, ndipo kuipezanso kumafuna kumvera uthenga wonse kuyambira pachiyambi. Choncho moni upite pa voisi, kenaka patsatire kameseji kafupi ka manambalawo. Koma ngati foniyo ndi yobwereka, za ndalama musazitchule konse m'voisi. Zitumizeni pa kafoni ka amayi eni ake, kapena muwaimbire.

Polemba, ulemu usachepe chifukwa chala chatopa. Lembani kuti "Mwadzuka bwanji, bambo?" mawu onse athunthu, osati zidule zimene mumalemberana ndi anzanu. Kholo likalandira moni wodulidwadulidwa limaona ngati mwana waliyankhula ali chiimire, akuthamangira kwina. Werenganinso musanatumize, pakuti mafoni ambiri sadziwa Chichewa ndipo amasintha mawu athu kukhala a Chingerezi. Tizithunzi ta nkhope zoseka tisiyeni, chifukwa pa mafoni ambiri a mabatani timangooneka ngati timabokosi.

Pali nkhani zina zosayenera voisi kapena meseji. Uthenga wa maliro, matenda aakulu kapena kupepesa pa cholakwa umafuna kuimba, kuti amayi athe kufunsa inu n'kuyankha nthawi yomweyo. Ngati nkhaniyo ndi yolemera kwambiri, yambani mwaimbira amalume kapena wachibale wina wamkulu wapafupi, apite akakhale nawo, kenaka muimbe iye ali pomwepo.