Uthenga wonama woti mwalandira ndalama molakwika

Chinyengo chofala kwambiri pa Airtel Money ndi TNM Mpamba ndi cha uthenga wonena kuti mwini foni walandira ndalama. Uthengawo umalembedwa mofanana ndithu ndi weniweni: kuchuluka kwa ndalama, dzina la wotumiza, ngakhalenso nambala ya chiphaso. Pakangopita mphindi zochepa, wina amaimba modandaula kuti watumiza molakwika, mwina ati inali ya kumaliro kapena ya wodwala, ndipo akupempha kuti imubwerere msanga.

Tiyerekeze kuti mayi wogulitsa tomato ali ndi K30,000 m'foni, ndipo uthenga ukuti walandira K25,000. Akabweza asanaone ndalama zotsala, amatsala ndi zosakwana K5,000, chifukwa palibe chomwe chinalowa. Wapereka zake zomwe.

Bodzali limaonekera pa wotumiza. Uthenga weniweni umabwera m'dzina la kampani, pamodzi ndi mauthenga akale a ndalama, pomwe wonama umachokera ku nambala wamba. Komabe umboni wodalirika ndi kuona ndalama zotsala poimba *211# pa Airtel Money kapena *444# pa Mpamba. Woimba uja amafulumizitsa munthu dala kuti asapeze mpata wochita zimenezi.

Ngakhale ndalamayo italowadi, wolandira ali ndi ufulu wokana kuibweza yekha n'kuuza wotumizayo kuti akadandaule ku kampani, yomwe ili ndi njira yobwezera ndalama zosokera. Nambala yachinsinsi sapatsa munthu, ngakhale wodzitcha wogwira ntchito ku kampaniko. Woberedwa asafufute uthengawo. Adziwitse kampani nthawi yomweyo, kenako akanene kupolisi.