Ndigulitse chiyani pamsika wa Lirangwe?

Funso: Ndimakhala ku Chileka. Mpamba ngochepa, ndili ndi njinga, mbaula ndi mapoto awiri. Mandasi ndi chipisi aliyense akugulitsa. Ndiyambe geni yanji? Mayi wa ana atatu.

Yankho: Mayi, yesani phala la mgaiwa lotendera nsinjiro. Amavenda amalawirira kumsika mmimba muli pululu, ndipo mandasi safika pamtima. Phikani mbandakucha, muthire m'chigubu chotsekeka, muchikulunge ndi bulangete kuti lisazizire. Dzuwa likakwera phala siliyenda malonda, ndiye masana muziyenda ndi thobwa, poti dera lino nlotentha. Koma thobwa silichedwa kusasa: likayamba kuchita thovu ndi kuwawasa, musagulitsenso. Makapu muzitsukira madzi othira klorini, chifukwa kolera ikabuka azaumoyo amayambira kuletsa zakudya zophikaphika.