Chida cha Clone ndi Kadzazidwe ka Tsitsi la Pamphumi pa Chithunzi

Ojambula zithunzi za maukwati ndi zinkhoswe ku Massangulo, likulu la boma la Ngauma, komanso ku Mandimba ndi ku Cuamba m'mbali mwa msewu wa N13, amapemphedwa kawirikawiri kuti abise dazi loyamba kumene la bambo, kapena malo a m'mbali mwa mphumi ya mayi pamene tsitsi linathothoka chifukwa cholukidwa mokoka kwambiri. Chida choyenera ntchitoyi ndi Clone, chimene chimapezeka m'pulogalamu yaulere ya pakompyuta yotchedwa GIMP, ndipo ntchito yake ndi kutapa kachigawo ka chithunzi pamalo ena n'kukapaka pamalo ena. Chimatsegulidwa ndi batani la C, ndipo malo otapapo amasankhidwa podina pamalowo batani la Ctrl litasindikizidwa.

Chidachi sichivuta kuphunzira, koma chimene chimagonjetsa ambiri ndi kusayang'anitsitsa mmene tsitsi limamerera. Malire a tsitsi ndi mphumi si mzere wowongoka ayi, koma ndi kadera kamene tsitsi lake ndi lopyapyala, lotalikirana, ndipo khungu limaonekera pakati pake, kenako tsitsilo limanka lithithikana kulowera pakati pa mutu. Tsitsi la pakati pa mphumi limapendekera kutsogolo, pamene la m'mbali, pamwamba pa makutu, limagonera pansi, kotero kuti tsitsi lotapidwa paliwombo likapakidwa m'mbali, diso la munthu aliyense limaona kuti pali chachilendo ngakhale asadziwe chimene chalakwika.

Chitsanzo chikhale chithunzi cha mayi amene tsitsi lake linathothoka kumanzere kwa mphumi, wojambulidwa kuwala kwa pazenera kukuchokera kumanja. Wojambula ayambe watsegula Layer yatsopano, ndiko kuti tsamba loonekera limene limayalidwa pamwamba pa chithunzi kuti chithunzi chenichenicho chisakhudzidwe, ndipo achonge Sample merged kuti chidacho chizitapa zimene zili pansi pa tsambalo. Malo otapapo akhale kumanzere komweko, kumbuyo pang'ono kwa malo opanda tsitsiwo, chifukwa tsitsi la kumanja lawalitsidwa ndi zenera ndipo lingaoneke ngati chigamba cha nsalu ina. Opacity, ndiye kukula mphamvu kwa chimene chikupakidwa, ikhale pakati pa 30 ndi 40, ndipo kupaka kuyambire m'tsitsi lenilenilo kulowera kumphumi, kubwereza kangapo kumbuyo koma kamodzi kokha kutsogolo, kuti kuthithikana kuzinka kuchepa monga zimakhalira pamutu weniweni. Tsitsi likathothoka chifukwa chokokedwa, nthawi zambiri pamatsala kamzere ka titsitsi tating'ono kutsogolo kwenikweni, ndipo kamzereka ndi kamene kamasonyeza pamene malire akale anali. Wojambula asakafufute, ndiponso asapitirire pamenepo.

Clone ya mu GIMP sitembenuza chimene yatapa. Choncho ngati tsitsi labwino lapendekera kosiyana ndi kumene likufunika, kachigawoko kakoperedwe pa Layer yakeyake, katembenuzidwe ndi chida cha Rotate, chimene chimatsegulidwa ndi Shift+R, mpaka kagwirizane ndi tsitsi loyandikana nako, kenako m'mphepete mwake mufufutidwe pang'onopang'ono.

Zolakwika zimaoneka chithunzi chikakuzidwa kufika pa 100%. Ngati kapotedwe kamodzimodzi ka tsitsi kakuoneka kawiri kapena katatu motsatizana, ndiye kuti malo otapapo sanasinthidwe, ndipo ayenera kumasinthidwa pakangopakidwa pang'ono. Ngati malowo akuoneka ngati utsi wakuda wopanda tsitsi lodziwika, ndiye kuti Hardness, kuthwa kwa m'mphepete mwa burashi, inachepa kwambiri, vuto limene limakula pa tsitsi lalifupi lopotana la anthu a kuno, popeza limaoneka ngati timadontho tosiyanasiyana timene timasowa msanga tikafafanizika. Kunyezimira kwa khungu la padazi kuyenera kuchepetsedwa tsitsi lisanapakidwe, apo ayi kumaonekerabe pansi pake.

Pa bambo wachikulire, nzeru ndi kusiya ngodya ziwiri za mphumi zitalowa m'kati pang'ono n'kungowonjezera kuthithikana, pakuti munthu wa imvi ndi makwinya wokhala ndi mphumi ya mnyamata sadziwikanso kwa abale ake, ndipo chithunzi cha ukwati chimene mwini wake sakudziwika chataya ntchito yake. Kusintha kotereku kuchitike pokhapokha mwini chithunzi atapempha, ndipo kusachitike konse pa zithunzi za pa chiphaso cha unzika kapena pasipoti, zimene ziyenera kuonetsa munthu monga mmene alili.